Ndalephera mayeso owotcherera ndi malikisi atatu magetsi atazima, kalata ya apilo ndilembe bwanji?

Wowotcherera_wa_ku_Ndirande

Abale anga, ndithandizeni nzeru. Zotsatira za mayeso a ntchito zamanja zatuluka, ndapeza 47 pomwe okhoza ayambira 50. Mayesowo anali a maola atatu, kuyamba 8:30 kutha 11:30, ntchito zitatu: kulumikiza zitsulo ziwiri chogoneka, kulumikiza ngati chilembo cha T, kenako kuwotcherera choimika kuchokera pansi kukwera. Nthawi ya 9:50 magetsi anazima. Woyang'anira anatiuza tonse kuti tisiye zipangizo tituluke panja. Jenereta inalira 10:30. Itakwana 11:30 anatiimitsa, mphindi 40 zija osatibwezera. Ntchito yachitatu ndinaisiya theka, ndipo pa malikisi 30 a ntchitoyo ndapezapo 9 okha. Anzathu a masana anachita maola atatu athunthu. Chinanso, pepala la malangizo limati oyesa akhala awiri, koma mmodzi anachoka magetsi atazima ndipo sanabwerenso. Malodi owotcherera nawonso ankaoneka achinyezi. Pa pepala la zotsatira alemba kuti apilo ichitike pasanathe masiku 14. Sindinalembepo kalata yotere. Ndiyambire pati?

Chikwanje77

Malikisi atatu okha? Alembereni kuti achongenso. Akayang'anitsitsa sangalephere kupeza atatu penapake.

MphunzitsiWopuma

A Chikwanje, pamenepo ndi pomwe makalata ambiri amafera. Ine ndinayesapo ophunzira kwa zaka zambiri ndisanapume, ndipo ndikuuzeni mmene komiti ya apilo imawerengera kalata. Mukalemba kuti achongenso, iwo atulutsa chitsulo chanu chija ngati anachisunga, aona kuti msoko wathera pakati, anena kuti 9 ndi malikisi oyenera, nkhani yatha. Ndipo sakhala atalakwa. Msoko wosamaliza ndi wosamaliza basi.

Mwana wanga wa ku Ndirande, mlandu wako si wakuti anakuchonga molakwika. Mlandu wako ndi wakuti mayeso amene unachita si amene bungwe loyendetsa mayeso linalonjeza. Linati maola atatu, iwe unapatsidwa maola awiri ndi mphindi 20. Komiti silola kukangana nayo pa maso a woyesa, chifukwa amati iyeyo ndiye katswiri. Koma pa nkhani ya nthawi palibe ukatswiri, wotchi imawerengedwa ndi aliyense. Kalata yako yonse iime pamenepo.

Funso langa loyamba: pepala la malangizo lija ukadali nalo? Likunena chiyani za nthawi yotayika?

Wowotcherera_wa_ku_Ndirande

Ndili nalo bambo. Ndime 6 ikuti mayeso akaimitsidwa pa chifukwa chosachokera kwa woyesedwa, woyang'anira alembe nthawi yoimira ndi yoyambiranso, ndipo nthawi yotayikayo ibwezedwe. Ndime 9 ndi ija ya oyesa awiri.

MphunzitsiWopuma

Basi, wapeza pogwira. Lijambule lero lomwe, lenilenilo ulisunge kunyumba.

NaPhiri_Zomba

Inenso zinandichitikira ku mayeso oyendetsa galimoto, woyesa anali pa foni njira yonse. Ndinangolipira n'kubwereza. Bwerezani basi achimwene, apilo imachedwa.

Chikwanje77

Awa akunena zowotcherera mayi, si za galimoto.

NaPhiri_Zomba

Ndamva, koma mfundo yanga ikadalipo. Munthu akhoza kudikira yankho mpaka mayeso ena n'kumudutsa.

Namwino_Kumpoto

Mayiwa asanyozedwe, akunena zoona pa nkhani yochedwa. Ndikuuzeni zanga. Ife mayeso athu amakhala a timalo tingapo, pamalo paliponse mphindi zowerengeka, belu likalira umapita pena. Pa malo ena belu linalira msanga, ndinali ndisanamalize kufotokoza za mankhwala. Ndinalephera ndi pang'ono. Kalata yanga inali ya masamba anayi. Ndinalembamo za mayi anga amene anagulitsa mbuzi kuti ndiphunzire, za mmene ndinkakhozera m'kalasi, za ana amene akudalira ine. Nkhani ya belu inali pa tsamba lachitatu, mizere iwiri yokha. Yankho linabwera lakuti sindinapereke chifukwa chomveka cha apilo. Mnzanga wa gulu lomwelo analemba tsamba limodzi, kutchula malo, nthawi ndi anthu amene anali m'chipindamo, iyeyo anamulola kubwereza osalipira. Belu linali lomwelo, tsiku lomwelo. Achimwene, mavuto a kunyumba ndi enieni ndipo amawawa, koma komitiyo ilibe mphamvu yopereka satifiketi chifukwa cha chisoni. Musawalembe.

Mfiti_ya_Zitsulo

Ine ndifunse ngati mmene angafunsire iwowo, musandione ngati mdani. Magetsi atazima, simukanatha kupala m'mphepete ndi fayilo, kuyeza, kulemba mizere? Zimenezi sizifuna magetsi. Akhoza kunena kuti mphindi 40 zonsezo sizinatayike.

Wowotcherera_wa_ku_Ndirande

Anatitulutsa panja akulu, chitseko n'kutseka. Palibe anagwira chitsulo.

Mfiti_ya_Zitsulo

Ndiye chimenecho chilembedwe poyera m'kalatamo, chifukwa chikutseka pakamwa pa aliyense wofuna kuchepetsa mphindizo. Tsopano za malodi. Munadziwa bwanji kuti ndi achinyezi? Anali amtundu wanji?

Wowotcherera_wa_ku_Ndirande

E6013 a mamilimita 3.2. Ankathetheka kwambiri, moto unkadukaduka, ndipo nditagogoda makoko ndinaona timabowo pa msoko.

Mfiti_ya_Zitsulo

Zizindikirozo n'zoona, lodi yonyowa imatero. Koma timabowo timabweranso chitsulo chikakhala ndi dzimbiri, penti kapena mafuta, ngakhalenso ukatalikitsa lodi ndi chitsulo. Woyesa adzangoti dzanja lanu ndilo linatalikira. Mutsutsa ndi chiyani? Malodiwo anatha kale kapena anabwerera m'bokosi. Komanso ndikukayika ngati vuto linali chinyezi. Mwati kuthetheka kunayamba liti, jenereta isanalire kapena italira? Lodi ya 3.2 imafuna maampu a pakati pa 90 ndi 130. Makina angapo akamakoka pa jenereta imodzi yaing'ono mphamvu imagwa, lodi imamatirira, moto umavuta kuyatsa, ngakhale pa makinapo mwaika nambala yoyenera.

Wowotcherera_wa_ku_Ndirande

Mukunena zoona, ntchito yoyamba inayenda bwino. Mavuto anayamba titabwerera. Tinali anthu asanu ndi atatu pa jenereta imodzi.

Dalaivala_Wa_Bongo

Jenereta yake ya mphamvu bwanji? Ine ndikufuna kugula yoti izikoka makina amodzi ndi galayinda kumudzi kwathu ku Ntcheu, ena akuti yaing'ono ikwana.

Mfiti_ya_Zitsulo

Yaing'ono yowonera kanema ija iwalani. Werengani kachitsulo kali kumbuyo kwa makina anu, muone mphamvu imene amakoka, mugule jenereta yoposa pamenepo ndithu, chifukwa poyatsa moto makina amakoka mwadzidzidzi. Makina atsopano opepuka aja amakoka mphamvu yochepa kusiyana ndi akale olemera a mawaya ambiri.

Dalaivala_Wa_Bongo

Nanga malodi mumasunga bwanji nthawi ya dzinja?

Namwino_Kumpoto

Abambo inu, tsegulani nkhani yanu ina. Munthuyu masiku akumuthera.

MphunzitsiWopuma

Tibwerere. Mafunso a Mfiti athandiza, chifukwa atisonyeza kuti madandaulo atatuwa si olemera mofanana. La nthawi ndi lolimba: lamulo lilipo, mboni zilipo, ndipo likugwirizana ndi pamene malikisi anatayikira. La woyesa mmodzi ndi lapakati: lamulo linaphwanyidwa, koma sungaonetse kuti wachiwiriyo akanakupatsa ambiri. Umalitchula kuti aone kuti panalibe wina wotsimikizira malikisiwo. La malodi ndi lofooka, ine ndikanalisiyiratu. Ukaika chinthu chimene angachitsutse mosavuta, yankho lawo lonse limakhala pa chimenecho, cholimba chija n'kuchilambalala.

Tsopano za malikisi atatu aja. Kulephera ndi pang'ono pakokha si chifukwa cha apilo, wa 49 ndi wa 20 onse alephera. Ntchito ya nambala imeneyi ndi ina. Komiti ikavomera kuti panali cholakwika, imadzifunsa ngati cholakwikacho chikanasintha zotsatira. Munthu wa 20 amamuuza kuti pepani, koma ngakhale tikanakubwezerani nthawi simukanakhoza. Iwe sangakuuze zimenezo. Tandiuza malikisi a ntchito zina ziwirizo, ndi kutalika kwa msoko umene unasiya.

Wowotcherera_wa_ku_Ndirande

Yoyamba 17 pa 30, yachiwiri 15 pa 30, chitetezo ndi ukhondo 6 pa 10. Msoko wachitatu unayenera kukhala mamilimita 150, ndinafika cha pa 90, osachotsa makoko, osatsuka ndi bulashi.

MphunzitsiWopuma

Taona tsono. Pa ntchito ziwiri zimene unamaliza unapeza theka kapena kuposerapo. Pa yachitatu umangofunika 12 m'malo mwa 9, ndipo 12 pa 30 safika n'komwe theka. Mamilimita 60 otsala ndi kuyeretsa kwake sizikanadya mphindi 40. Masamu amenewa uwalembe momwemu. Usanene kuti ndikanakhoza ndithu, chifukwa palibe angatsimikize. Unene kuti pali mwayi waukulu kuti zotsatira zikanasintha.

Thupi la kalatayo likhoza kuyenda motere, uike tsiku, nambala yako ya mayeso ndi dzina la malo pamwamba:

"Ndikuchita apilo pa zotsatira za mayeso a ntchito zamanja a kuwotcherera, pa chifukwa chakuti ndondomeko ya mayeso sinatsatidwe. Sindikutsutsa malikisi amene woyesa anapereka pa ntchito imene anaiona.

Mayeso anayamba 8:30 ndipo anayenera kutenga maola atatu. Nthawi ya 9:50 magetsi anazima, woyang'anira anatulutsa oyesedwa onse m'chipinda, ndipo tinabwerera 10:30. Mayeso anaimitsidwa 11:30. Ndime 6 ya malangizo imati nthawi yotayika motere ibwezedwe, koma sinabwezedwe. Gulu la masana linapatsidwa maola atatu athunthu. Kuchokera 9:50 panatsala woyesa mmodzi, pomwe ndime 9 imati akhale awiri.

Ndinapeza 17 ndi 15 pa ntchito ziwiri zimene ndinamaliza, ndi 9 pa yachitatu imene inatsala mamilimita pafupifupi 60. Ndinapereweza malikisi atatu. Ndikukhulupirira kuti nthawi ikanabwezedwa, pali mwayi waukulu kuti zotsatira zikanasintha.

Ndikupempha kuti zotsatirazi zifafanizidwe, zisawerengedwe ngati ndayesapo kamodzi, ndipo ndiloledwe kuchitanso mayesowa pa mpata woyamba popanda kulipiranso, pamaso pa oyesa awiri. Ndikupemphanso kuti lipoti la woyang'anira la tsikulo ndi zitsulo zanga zisungidwe mpaka apiloyi itatha, ndipo yankho ndi zifukwa zake mundipatse polemba."

Pansi pake ulembe zimene walumikiza: fotokope ya zotsatira, ya malangizo, lisiti la malipiro ndi maumboni. Akafuna ya Chingerezi, yamba wailemba m'Chichewa chomwechi kuti mutu wake ugwire, kenako upeze womasulira amene sawonjezera zokometsera.

Chikwanje77

Ine apa sindikugwirizana nanu bambo. Bwanji osapempha kuti angomupatsa malikisi atatuwo? Olakwa ndi iwo, wovutika akhale iye, kukonzekeranso, kukweranso basi, kusiya ganyu? Si chilungamo.

MphunzitsiWopuma

Kuwawa kwake ndikukumva. Koma satifiketi imauza bwana wa ntchito kuti munthu uyu anaonedwa akuwotcherera choimika mpaka kumaliza. Mawa akawotcherera choikapo thanki ya madzi pa sukulu, pansi pake pamasewera ana. Komiti singasainire msoko umene sinauone. Ukapempha chimene sangapereke, umawapatsa njira yophweka yokanira kalata yonse.

Chikwanje77

Chabwino, koma ndalama ya ulendo yokha abweze.

MphunzitsiWopuma

Akhoza kuipempha m'mzere umodzi kumapeto. Ine sindinaonepo ikubwezedwa.

KalalikiWaKhoti

Ndionjezeko za malamulo, poti ena andilembera kumbali kuti athamangire ku khoti. Gawo 43 la malamulo oyendetsera dziko lino limati munthu aliyense ali ndi ufulu woti chiganizo cha ofesi chomukhudza chichitike motsata lamulo ndi ndondomeko yachilungamo, komanso apatsidwe zifukwa polemba. N'chifukwa chake mzere womaliza wa kalata ya bambowa uli wofunika. Ngati bungwelo linakhazikitsidwa ndi lamulo la boma, gawoli likuligwira. Palinso lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga ku maofesi a boma, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020. Mukhoza kudzera pamenepo kupempha lipoti la woyang'anira ngati akukubisirani.

Koma musayambe ndi kuopseza. Yambani ndi apilo ya mkati, chifukwa kulikonse kumene mungapite pambuyo pake adzakufunsani ngati munadandaula kaye kwa eni ake. Akakana kapena akangokhala chete, ofesi ya Ombudsman imalandira madandaulo otere kwaulere. Bwalo lalikulu ndi njira yomaliza, ndipo kumeneko pempho loti woweruza aunike chiganizo cha ofesi limayenera kufika pasanathe miyezi itatu chiganizocho chipangidwireni. Woweruzanso sachonga msoko, amangoona ngati njira inatsatidwa.

Mbadwa_ya_Mzimba

Ine ndikanapita kwa Ombudsman mawa lomwe. Apilo ya mkati amaweruza okha okha, galu sangalume mwini wake.

KalalikiWaKhoti

Mukatero masiku 14 aja adutsa muli pa mzere, kenako akakubwezani kwa eni ake chitseko chatsekeka. Perekani apilo kaye. Enawo sathawa.

Namwino_Kumpoto

Za mboni musaiwale. Aliyense alembe yekha ndi dzanja lake zimene anaona, asaine, aike nambala yake ya mayeso. Makalata akafanana mawu ndi mawu amati munakhala pansi n'kugwirizana. Ndipo mukapeza mmodzi amene anakhoza m'gulu lanulo, umboni wake umalemera kuposa wa olephera, chifukwa iye alibe chopindulapo.

Wowotcherera_wa_ku_Ndirande

M'gulu lathu anakhoza awiri. Mmodzi ndamuimbira, wakana. Akuopa kuti akafafaniza mayeso a m'mawa onse, yakenso ipita. Sindikumuimba mlandu. Koma awiriwa akundidetsanso nkhawa, komiti siinena kuti ngati ena anakhoza pa nthawi yomweyo ndiye vuto ndi ine?

Mfiti_ya_Zitsulo

Akhoza kunena. Yankho ndi lakuti mayesowo sanalembedwe kuti akhoze othamanga okha, analembedwa a maola atatu. Wina kumaliza msanga sikuchotsa mphindi zanu.

MphunzitsiWopuma

Mnzakoyo umuuze kuti kalata yako ikupempha za zotsatira zako zokha. Sindingamulonjeze kuti komiti singaganize za gulu lonse, mphamvu imeneyo amakhala nayo, choncho usamukakamize. Pali umboni wina wosafuna munthu. Yang'ana m'foni mwako. Mutatulutsidwa panja, sunatumize uthenga kwa wina aliyense?

Wowotcherera_wa_ku_Ndirande

Mafoni anali m'zikwama panja, ndiye tinawatenga. Ndinalembera akazi anga kuti magetsi azima atitulutsa, uthengawo ukuonetsa 9:54. Wina anajambula anthu titakhala pansi pa mtengo, chithunzi chikuonetsa 10:21.

Mbadwa_ya_Mzimba

Samalani, angakugwireni kuti munagwira foni mkati mwa mayeso.

KalalikiWaKhoti

Apa a Mzimba anena mfundo. Werenganinso malangizowo pa nkhani ya mafoni musanalumikize zimenezi. Ngati akuletsa foni m'chipinda chokha, muli bwino, munali panja ndipo wokutulutsani ndi woyang'anira. Ngati akuletsa nthawi yonse ya mayeso, uthengawo usungeni, mudalire mboni ndi lipoti lawo lomwe. Woyang'anira jenereta kawirikawiri amalembanso nthawi yoyatsa chifukwa cha mafuta, mukhoza kupempha kuti komiti ione bukulo.

Chikwanje77

Nanga woyesa anathawa uja, amutchule dzina?

Namwino_Kumpoto

Ine ndikuti ayi. Dziko ndi laling'ono, mwina adzamupezanso pobwereza.

KalalikiWaKhoti

Ine ndikuti dzina silofunika, koma osati chifukwa cha mantha. Bungwelo likudziwa amene linamutuma tsikulo. Lembani kuti woyesa wachiwiri sanabwerere m'chipinda kuchokera nthawi yakuti. Mawu akuti anathawa asapezekemo, simukudziwa chimene chinamuchotsa, mwina anaitanidwa ku maliro. Funso lenileni ndi lakuti pa pepala la malikisi pali masaini angati. Mukapeza awiri pomwe woona ntchito anali mmodzi, nkhaniyo yakula kuposa ya nthawi.

Mbadwa_ya_Mzimba

Ndiye atchulidwe kumene. Mukamabisa mayina zinthu sizisintha.

NaPhiri_Zomba

Funso langa lija palibe wayankha. Alembetse mayeso obwereza uku akudikira, kapena ayi?

MphunzitsiWopuma

Pepani mayi, funso lanu ndi labwino. Mabungwe amasiyana. Ena amati ukalembetsanso ndiye wavomera zotsatira, ena salabadira. Afunse polemba tsiku lomwe akupereka apilo. Ngati nthawi yolembetsa ikutha yankho lisanabwere ndipo ndalama ilipo, ine ndikanalembetsa, n'kulumikiza kakalata konena kuti kulembetsaku sikuchotsa apilo yanga ndipo ikapambana ndalamayi ibwezedwe.

KalalikiWaKhoti

Ine pamenepo ndikukayika pang'ono. Akakhoza pobwereza, komiti idzati nkhani yatha yokha, ndalama osabweza. Koma satifiketi adzakhala nayo, ndiye asankhe yekha chimene chili chachikulu kwa iye.

Popereka kalatayo, pitani nayo pamanja makope awiri. Imodzi adinde chidindo chokhala ndi tsiku n'kukubwezerani. Ngati pali malipiro a apilo, lisiti lisungidwe pamodzi ndi kopeyo. Musasiye kalata kwa mlonda pa geti, ndipo musaipereke ku malo kumene munachitira mayeso pokhapokha malangizo akutero. Masiku 14 muwawerenge kuchokera pa tsiku lolembedwa pa zotsatira, osati limene munazilandira, ndipo Loweruka ndi Lamlungu muwaphatikize kuti musadzakangane nawo pa zowerengera.

Wowotcherera_wa_ku_Ndirande

Zikomo nonse. Za malodi ndachotsa. Za jenereta ndaika mzere umodzi wokha, kuti makina asanu ndi atatu anali pa jenereta imodzi, poti izi aliyense anaziona. Anzanga atatu avomera kulemba umboni, onse ndi olephera. Za mafoni malangizo akungoti foni isalowe m'chipinda cha mayeso, ndiye uthenga uja ndiulumikiza. Ndikapereka Lachinayi. A Kalaliki, mboni zisaine pamaso pa loya kapena dzanja lawo likwana?

KalalikiWaKhoti

Pa apilo ya mkati dzanja lawo, tsiku ndi nambala ya mayeso zikwana, pokhapokha fomu ya bungwelo itafuna zolumbira. Funsani pa kauntala ngati ali ndi fomu yawoyawo ya apilo. Ngati ilipo mudzaze pomwepo, kalata yanu muiphatikize kumbuyo.